N'chifukwa chiyani pamwamba pamazizira, nanga sinowo wa pa Kilimanjaro amakhala bwanji pafupi ndi ikweta? Mafunso ndi mayankho

Kodi pamwamba pa phiri si pafupi ndi dzuwa? Nanga pamazizira bwanji?

Pafupi ndi dzuwa inde, koma kuyandikirako n'kochepa kwambiri moti sikusintha kanthu. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera padziko lapansi. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lomwe ndi lalitali kuposa onse mu Afirika, ndi la mamita 5,895, kutanthauza kuti silikwana n'komwe makilomita 6. Munthu amene wafika pansonga pake wachotsa makilomita 6 pa makilomita 150 miliyoni aja. Dziko lenilenilo limasendera kwa dzuwa ndi kutalikiranso ndi makilomita pafupifupi 5 miliyoni chaka chilichonse, ndipo nyengo zathu sizichokera pamenepo ayi.

Choncho mtunda wopita kudzuwa tiuike pambali. Zimene zimachititsa kuti pamwamba pazizizira ndi ziwiri: kumene mpweya umalandira kutentha kwake, ndi zimene zimauchitikira ukamakwera. Mafunso awiri otsatirawa akufotokoza zimenezo.

Ngati si dzuwa mwachindunji, chimatenthetsa mpweya n'chiyani?

Nthaka ndi madzi. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya woyera popanda kuutenthetsa kwenikweni. Mbali ina imabwezedwa ndi mitambo, ina yochepa imagwidwa ndi mpweya, koma pafupifupi theka limafika pansi n'kulowa m'nthaka, m'miyala, m'masamba ndi m'nyanja. Zinthu zimenezi zikatentha, ndi zimene zimapatsira kutentha mpweya umene wazikhudza. Nthaka imatulutsanso kutentha kwamtundu wosaoneka ndi maso, kumene nthunzi ya madzi ndi kaboni dayokisaidi zimakugwira mosavuta. Nthunzi yambiri ili m'makilomita ochepa oyambirira kuchokera pansi, ndiye kutentha kochuluka kumatsalira m'munsi momwemo.

Mpweya, mwachidule, umatenthedwa kuchokera pansi. N'chifukwa chake masana a mwezi wa Okutobala mchenga umawotcha mapazi pamene mpweya wofika kumaso uli woti munthu n'kupirira.

Komatu timaphunzira kuti mpweya wotentha umakwera. Bwanji sukatenthetsa kumwambako?

Funso ili ndilo phata la nkhani yonse, ndipo ambiri amakanirira pomwepa. Mpweya wotentha umakweradi, koma sufika kumwamba uli wotentha. Umazizira m'njira, ndipo si chifukwa choti wakhudzana ndi chinthu chozizira.

Mpweya uli ndi kulemera. Umene uli pansi wasenza wonse wa pamwamba pake, motero ndi wopanikizika kwambiri. M'mphepete mwa nyanja yamchere kupanikizika kumeneku kumakhala pafupifupi 1,013 pa muyezo umene anthu azanyengo amautcha hekitopasikali. Mukamakwera, mpweya wotsala pamwamba panu umachepa, ndipo kupanikizika kumatsika. Pa mamita pafupifupi 5,500 kumakhala kutatsika ndi theka. Pansonga pa Kilimanjaro munthu amapuma mpweya wopanikizika pafupifupi theka la wa ku Dar es Salaam.

Tsopano taganizani chigawo cha mpweya chimene chatenthedwa pamunda n'kuyamba kukwera. Kumene chikupita, mpweya wozungulira sukuchipanikiza monga kale, ndiye chimafutukuka. Kuti chifutukuke chiyenera kukankha mpweya wa m'mbali mwake, ndipo kukankhako kumafuna mphamvu. Mphamvuyo ilibe kwina kochokera koma m'kutentha kwa chigawocho. Chikawononga kutentha kwake pa ntchito yokankhayo, chimazizira. Amene anapopapo njinga anaziona mbali zonse ziwiri: pampu imatentha kunsonga pamene mukupanikiza mpweya, ndipo mukatsegula valavu ya chubu, mpweya wotuluka mwamphamvuwo umamveka wozizira pachala. Kupanikiza kumatenthetsa, kufutukuka kumaziziritsa.

Zobwerera nazonso n'zoona. Mpweya umene ukutsika phiri umapanikizika ndipo umatentha, ngakhale kuti palibe moto umene waupatsa kutenthako.

Kumazizira mochuluka bwanji munthu akamakwera?

Nambala yoyenera kuisunga ndi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Iyi ndi avereji ya dziko lonse, ndipo ndi imene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito powerengera. Mukakwera mamita 150, kutentha kumatsika ndi digiri imodzi.

Amene amayenda msewu wochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre amazimva pathupi. Chigwa cha Shire kumeneko chili pa mamita pafupifupi 100, pamene Blantyre ali pa mamita 1,000 ndi kupitirirako pang'ono. Kusiyana kwa mamita 900 kumapereka madigiri pafupifupi 6. Ngati pa Dyeratu pali madigiri 36, musadabwe kupeza 30 mukafika mumzinda, ulendo wa ola limodzi lokha. Kuzizira kwa Dedza, amene ali pa mamita pafupifupi 1,600, kumachokera pomwepa.

Mabuku ena amati madigiri 10 pa mamita 1,000, ena amati 5. Cholondola n'chiti?

Zonse n'zolondola, koma zikunena za mpweya wosiyana. Mpweya umene ukukwera usanayambe kupanga mtambo umazizira ndi madigiri 9.8 pa mamita 1,000. Nambala imeneyi sisintha, chifukwa imachokera pa mphamvu yokoka ya dziko ndi chibadwa cha mpweyawo.

Zinthu zimasintha mtambo ukayamba. Mpweya wozizira sungasunge nthunzi yambiri ngati wotentha, choncho umafika poti nthunzi ija iyambe kusanduka timadontho. Pamenepo ndiye pansi pa mtambo, ndipo n'chifukwa chake mitambo ya masana imakhala yosalala kunsi, yonse pa msinkhu umodzi. Nthunzi ikamasanduka madzi imabweza kutentha kumene inatenga pamene inkachoka panyanja kapena pamasamba. Kutentha kobwezedwako kumachepetsa kuzizira, moti mumtambo mpweya wokwera umangotsika ndi madigiri 4 mpaka 7 pa mamita 1,000, kutengera kuchuluka kwa chinyezi. M'mayiko otentha a chinyezi chambiri nambalayi imakhala cha m'ma 5. Nambala ya 6.5 ija ndi ya pakati pa ziwirizi.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa phiri limene mphepo ya chinyezi imaliwomba mbali imodzi. Tinene kuti mpweya wa madigiri 22 wayamba kukwera pa mamita 700. Mamita 500 oyamba ukukwera wopanda mtambo, ndiye wataya madigiri pafupifupi 5 n'kufika pa 17. Kenako mtambo wayamba, ndipo mamita 1,000 otsatira wataya madigiri 5 okha, wafika pa 12, mvula ikugwa. Ukadutsa pamwamba n'kuyamba kutsika mbali inayo, madzi ake wawasiya kumbuyo, motero ukutentha ndi madigiri pafupifupi 10 pa mamita 1,000. Potsika mamita 1,500 wapeza madigiri pafupifupi 15, ndipo wafika pansi uli pa 27, wouma. Unayamba pa 22. Umu ndi mmene chiperoni chimanyowetsera minda ya tiyi kumwera kwa phiri la Mulanje pamene mbali ya ku Phalombe kukuwala dzuwa.

Pamwamba pa phiri palinso nthaka ndi miyala. Bwanji sizitenthetsa mpweya monga zimachitira m'chigwa?

Zimatenthetsa ndithu. Mwala wa pamwamba pa Kilimanjaro masana umafunda mukaugwira, ndipo dzuwa la kumeneko limawotcha khungu msanga kuposa la pansi, chifukwa ladutsa mumpweya wochepa. Vuto ndi loti nsonga ya phiri ndi malo aang'ono ozunguliridwa ndi mpweya wozizira mbali zonse. Mpweya wochepa umene wafunda pamwala mphepo imauchotsa nthawi yomweyo n'kubweretsa wina wozizira. Usiku, poti mpweya wa kumeneko ndi wopepuka komanso wouma, palibe chogwira kutentha kotuluka m'miyala, ndipo kumathawira kumwamba mofulumira. Dzuwa likangolowa kuzizira kumagwa nthawi imodzi.

Umboni woti nthaka imagwirabe ntchito yake ndi malo okwera amene ndi otakasuka, monga Tibet ku Asia. Kumeneko nthaka yaikulu imatenthetsa mpweya wake, ndipo m'nyengo yotentha kumafunda kuposa mmene mpweya wa pa msinkhu womwewo umakhalira kutali ndi mapiri. Kilimanjaro alibe mwayi umenewo. Ndi phiri loima palokha pakati pa chigwa.

Kodi n'zotheka kuwerengera kuzizira kwa pansonga pa Kilimanjaro munthu asanakwere?

N'zotheka, ndipo masamu ake ndi a kupulayimale. Tawuni ya Moshi, imene ili m'munsi mwa phirili mbali ya kumwera, ili pa mamita pafupifupi 900, ndipo kutentha kwake kwa chaka chonse, mukaphatikiza usana ndi usiku, kumakhala cha m'ma 24. Kuchokera pamenepo kufika pa Uhuru, nsonga yeniyeni ya Kibo, chitunda chachitali kwambiri cha Kilimanjaro, pali mamita pafupifupi 5,000. Chulukitsani 5 ndi 6.5, mupeza 32.5. Chotsani 32.5 pa 24, mutsala ndi madigiri 8.5 pansi pa ziro.

Mu 2000 asayansi a yunivesite ya Massachusetts ya ku America anaika makina oyeza nyengo pa ayezi wa pamwamba pa Kibo. Makinawo anapeza kuti avereji ya chaka ndi madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro. Kuwerengera kwathu kwaphonya ndi digiri imodzi ndi theka, ndipo kwaphonyera kumbali yoyembekezeka: m'munsi mwa phirili muli nkhalango ya mitambo ndi chinyezi, kumene mpweya umazizira pang'onopang'ono kuposa 6.5, monga tafotokozera pa funso la madigiri 10 ndi 5.

Wokwera phirili amaziona ndi maso madigiri amenewa akutsika. Amayamba m'minda ya nthochi ndi khofi ya Achaga. Cha pa mamita 1,800 amalowa m'nkhalango yowirira, yonyowa, kumene kumagwa mvula yambiri kuposa malo ena onse paphiripo. Cha pa mamita 3,000 mitengo ikuluikulu imatha, n'kutsala tchire lalifupi ndi udzu. Kupitirira mamita 4,000 kuli chipululu cha miyala, kumene madzi amaundana pafupifupi usiku uliwonse. Pamwamba penipeni pali phulusa la chiphalaphala chakale ndi ayezi. Zonsezi zili m'mtunda umene munthu amauyenda wapansi masiku asanu kapena asanu ndi awiri.

Chenjezo limodzi: masamuwa amagwira bwino pa avereji, osati pa ola lililonse. Kutentha kwa masana ku Moshi kumatha kupitirira 30, koma sizitanthauza kuti pansonga pafunda ndi madigiri omwewo, chifukwa mpweya wa kumwamba susintha kwambiri ngati wa pansi.

Kodi sinowo ndi chimodzimodzi matalala kapena chisanu cha m'mawa?

Ayi, ndi zinthu zitatu zosiyana kapangidwe. Matalala amapangika mumtambo wa mabingu, pamene timadontho ta madzi tikuundana motsatizana pa kambewu ka ayezi kamene mphepo yokwera ikukasunga m'mwamba. Amakhala olimba ndi olemera, ndipo amagwa mofulumira moti amafika pansi asanasungunuke, ngakhale tsiku lotentha. Chisanu choyera chimene chimapsereza mbewu sichigwa kuchokera kumwamba. Chimapangika pamasamba pomwepo usiku wopanda mitambo.

Sinowo, amene ena amati chipale chofewa, amapangika mumtambo pamene nthunzi yasanduka ayezi mwachindunji, n'kupanga tizidutswa topepuka ta nsonga zisanu ndi imodzi. Timagwa pang'onopang'ono, choncho tikakumana ndi mpweya wofunda timasungunuka. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mvula yambiri ya mabingu imene imagwa m'mayiko otentha imayamba ngati ayezi kumwamba kwa mtambo, n'kusungunuka m'njira. Sinowo amapangika pamwamba pa ikweta tsiku ndi tsiku. Chimene phiri lalitali limachita ndi kumulandira asanafike pa msinkhu wosungunukira, umene m'madera otentha uli cha pa mamita 4,500 mpaka 5,000.

Ndi mapiri ati a pafupi ndi ikweta amene ali ndi sinowo ndi ayezi?

Mu Afirika alipo malo atatu. Kilimanjaro ali makilomita oposa 300 kumwera kwa ikweta. Phiri la Kenya, limene nsonga yake ya Batian ndi ya mamita 5,199, lili makilomita osakwana 20 kuchokera pa mzere wa ikweta. Mapiri a Rwenzori, m'malire a Uganda ndi Congo, ali ndi nsonga ya Margherita ya mamita 5,109. Ku South America kuli ambiri, monga Chimborazo ndi Cayambe ku Ecuador. Cayambe ndi wa mamita 5,790, ndipo mzere wa ikweta umadutsa pa phewa lake la kumwera. Ku Indonesia, pa chilumba cha New Guinea, kuli Puncak Jaya wa mamita 4,884, amene watsala ndi tizigamba ta ayezi.

Amene zimamuvuta kukhulupirira sali yekha. Mu 1848 mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, anaona nsonga yoyera ya Kilimanjaro n'kulemba kuti ndi sinowo. Katswiri wa mapu ku London, William Desborough Cooley, amene anali asanafikeko, anakana kwa zaka zambiri kuti zimenezo sizingatheke. Achaga okhala m'munsi mwa phirili ankachiona choyeracho mibadwo yonse. Mu 1889 Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller anafika pansonga ataponda ayezi weniweni.

Dzuwa la pa ikweta ndi laukali. Bwanji silisungunula zonse tsiku limodzi?

Pali zifukwa zitatu, ndipo chachitatu ndicho chofunika kwambiri pa Kilimanjaro. Choyamba, mpweya wa pamenepo uli pansi pa ziro pafupifupi nthawi zonse, ndiye umachotsa kutentha pa ayezi m'malo mowonjezera. Chachiwiri, sinowo watsopano ndi woyera kwambiri ndipo amabweza kuwala koposa magawo 80 pa 100 alionse. Dzuwa lingakule bwanji, mbali yochepa yokha ndi imene imalowa.

Chachitatu ndi kuuma kwa mpweya. Ayezi ali ndi njira ziwiri zothera. Akhoza kusungunuka n'kukhala madzi, kapena akhoza kusanduka nthunzi mwachindunji osadutsa pa madzi. Njira yachiwiriyi imachitika mpweya ukakhala wozizira ndi wouma, ndipo imadya mphamvu yochuluka: kusandutsa kilogalamu imodzi ya ayezi kukhala nthunzi kumafuna mphamvu yoposa kasanu ndi katatu imene ingafunike kuti kilogalamu yomweyo isungunuke. Pamwamba pa Kibo mphamvu yambiri ya dzuwa imathera pa njira yodulayi, choncho ayezi wochepa yekha ndi amene amachoka. Mpweya ukanakhala wofunda ndi wachinyezi, mphamvu yomweyo ikanapita kukusungunula, ndipo ayezi akanatha mofulumira kwambiri.

Palinso nkhani ya nyengo. Ku Ulaya sinowo amaunjikana m'miyezi yozizira n'kukumana ndi miyezi yotentha imene imamudya. Pa ikweta kulibe miyezi yotentha yotero. Pansonga pa Kilimanjaro kusiyana kwa mwezi wofunda ndi wozizira ndi madigiri ochepa chabe, pamene kusiyana kwa usana ndi usiku n'kokulirapo. Chimene chasungunuka pang'ono masana chimaundananso usiku.

Nanga bwanji Mulanje alibe sinowo, pamene ku Lesotho amagwa?

Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi wa mamita 3,002. Akuperewera mamita pafupifupi 1,500 mpaka 2,000 kuti afike pa msinkhu umene tautchula pa funso la sinowo ndi matalala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira pansi pa ziro pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika, udzu umayera ndi chisanu, ndipo timadzi ta m'miyala timaundana. Koma imeneyi ndi miyezi yopanda mitambo ikuluikulu ya mvula. Nthawi ya dzinja, pamene mitambo ya madzi ambiri ilipo, mpweya wa pa mamita 3,000 umakhala wofunda. Kuzizira ndi chinyezi sizikumanizana.

Lesotho ndi nkhani ina. Nsonga yake yaitali, Thabana Ntlenyana, ndi ya mamita 3,482, siposa Sapitwa kwambiri, koma ili kutali ndi ikweta, cha pa madigiri 29 a pa mapu kumwera kwake, pamene Mulanje ali pa 16. Kumeneko mphepo zozizira zochokera kunyanja ya kumwera zimafika m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti zitanyamula chinyezi, sinowo n'kugwa. Kukayamba kufunda amasungunuka yense. Lesotho ali ndi sinowo wa nyengo, alibe ayezi wokhalitsa.

Ndiye phiri lililonse lopitirira mamita 5,000 liyenera kukhala ndi ayezi?

Ayi. Kuzizira kumangopereka mwayi, koma payenera kugwa sinowo wokwanira. Ayezi wokhalitsa amapangika pamalo pamene sinowo wogwa pa chaka amaposa wochoka, zotsalazo n'kumaunjikana ndi kupsinjana zaka zambiri mpaka kulimba. Msinkhu umene wogwa amafanana ndi wochoka umasiyana malo ndi malo. Kufupi ndi mapeto a dziko, kumpoto ndi kumwera, umatsika mpaka kunyanja. M'mapiri a Alps ku Ulaya uli cha pa mamita 3,000. Koma malo amene msinkhuwu uli pamwamba kwambiri si pa ikweta ayi. Ndi m'madera ouma a m'mbali mwake, monga m'malire a Chile ndi Argentina pafupi ndi chipululu cha Atacama. Phiri la Llullaillaco kumeneko ndi la mamita 6,739, lozizira kuposa Kilimanjaro, koma lilibe ayezi wamkulu chifukwa sikugwa kanthu kokwanira.

Rwenzori akusonyeza mbali inayo. Ndi wamfupi poyerekeza ndi Kilimanjaro, koma amakhala m'mitambo pafupifupi chaka chonse, ndipo ayezi wake amakhala pa msinkhu wotsikirapo.

Bwanji m'mawa wa mu Juni kudambo kumazizira kuposa pachitunda? Kodi izi sizikutsutsa lamuloli?

Lamulo la madigiri 6.5 limanena za mpweya umene ukusakanikirana. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, nthaka imataya kutentha msanga n'kuziziritsa mpweya woikhudza. Mpweya wozizirawo ndi wolemera, ndiye umatsetsereka pang'onopang'ono n'kukadikha m'malo otsika. Pofika mbandakucha, dambo limakhala lozizira kuposa chitunda chimene chili mamita makumi angapo pamwamba pake. Mudzazindikira ndi nkhungu yogona m'dambo, ndi utsi umene umakwera pang'ono n'kuyamba kuyenda chopingasa. Alimi a dimba amadziwa kuti tomato ndi mbatatesi za pansi penipeni ndi zimene zimayamba kupsa ndi chisanu. Dzuwa likatuluka n'kutenthetsa nthaka, pakapita maola ochepa zinthu zimabwerera mwakale.

Kodi kuzizirako kumapitirira mpaka kuti?

Pamwamba pa ikweta kumapitirira mpaka makilomita 16 kapena 18, kumene kumafika madigiri pafupifupi 80 pansi pa ziro. Kufupi ndi mapeto a dziko kumalekera cha pa makilomita 8 kapena 9. Kupitirira pamenepo kutentha kumayambanso kukwera, chifukwa mpweya wa ozoni umagwira mbali ina ya kuwala kwa dzuwa mwachindunji. Mpweya wokwera ukafika pamalire amenewa sungapitirire, ndipo n'chifukwa chake mtambo waukulu wa mabingu umaphwatalala pamwamba n'kufalikira m'mbali.

Tikumva kuti ayezi wa pa Kilimanjaro akutha. N'zoona, ndipo chikuchititsa n'chiyani?

N'zoona, ndipo mapu ndi zithunzi zilipo. Mu 1912 ayezi anakuta malo oposa masikweya kilomita 11. Pofika mu 2011 anali atatsala osakwana masikweya kilomita 2, kutanthauza kuti magawo pafupifupi 85 pa 100 alionse anapita m'zaka zana limodzi. Samalani ndi zithunzi zimene zimayenda pa mafoni zosonyeza phiri loyera mbee. Mvula ya Malichi mpaka Meyi, kapena ya Novembala ndi Disembala, ikagwa bwino, sinowo amakuta nsonga yonse kwa masiku kapena masabata. Ameneyo ndi wa nyengo. Ayezi wakale ndi zigamba zolimba zija zimene zimaonekabe nthawi ya chilimwe.

Chifukwa chake si chophweka ngati mmene chimanenedwera kawirikawiri. Pamwamba pa Kibo mpweya udakali pansi pa ziro, choncho sitinganene kuti mpweya wofunda ukungosungunula ayezi. Ofufuza a yunivesite ya Innsbruck ku Austria, monga Georg Kaser ndi Thomas Mölg, anasonyeza kuti kuuma ndiko kwakukulu. Kum'mawa kwa Afirika kunayamba kuuma cha m'ma 1880, nyanja za m'derali zinatsika, ndipo kuyambira pamenepo sinowo wogwa pansonga sakwanira kubweza wochoka. Sinowo akachepa pamakhala mavuto awiri. Chakudya cha ayezi chachepa, komanso pamwamba pake sipayeranso mokwanira, ndiye kuwala kochuluka kumalowa.

Kaonekedwe ka ayeziyo kakuthandiziranso kumumaliza. Pamwamba pa Kibo ayezi waima ngati zipupa zowongoka, zina zazitali mamita makumi angapo, ndipo wakhala pa phulusa lakuda. Sinowo sakhazikika pa chipupa chowongoka, choncho dzuwa limachidya cham'mbali chaka ndi chaka, ndipo phulusa lakuda limene latsala poyera limafunda n'kumatenthetsa tsinde la chipupacho. Chigamba chikang'ambika pakati, mbali zodyedwa zimachuluka. Izi n'zimene zachitikira ayezi wotchedwa Furtwängler pafupi ndi nsonga.

Apa ena amathamangira kunena kuti kutentha kwa dziko sikukhudzidwa, ndipo ine ndikuona kuti akulakwitsa kwambiri. Chinyezi chofika pa Kilimanjaro chimachokera ku Nyanja ya India, ndipo mmene nyanjayo ikutenthera zimakhudza nthawi ndi kuchuluka kwa sinowo. Komanso m'mapiri ena a pa ikweta, kumene ayezi ali m'munsi pafupi ndi msinkhu wosungunukira, kutentha kukugwira ntchito poyera. Masamu athu aja akunena okha: digiri imodzi ikawonjezereka, msinkhu wa ziro umakwera ndi mamita pafupifupi 150. Pa phiri limene nsonga yake yangopitirira msinkhuwo ndi mamita mazana ochepa, monga Rwenzori, Puncak Jaya ndi phiri la Kenya, kukwera kotere kumalanda malo ambiri amene sinowo ankakhalitsa, ndipo zimene zinkagwa ngati sinowo zimayamba kugwa ngati mvula. Ayezi wa Lewis pa phiri la Kenya anataya pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a kuchuluka kwake pakati pa 1934 ndi 2010. Ku Venezuela, ayezi womaliza, wa pa phiri la Humboldt, anachepa mpaka mu 2024 asayansi anasiya kumuwerenga m'gulu la ayezi woyenda, uja wamkulu amene amatsetsereka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake.